Musanafomate khadi, tsimikizani kuti zithunzi zafika zathunthu

Ntchito ya wojambula zithunzi pa ukwati simathera pamene akwati alowa m'galimoto. Usiku womwewo kapena m'mawa mwake amatulutsa memole khadi m'kamera, kulilowetsa m'kompyuta, kukopera zithunzi zonse ku hadi disiki kapena ku fulashi, kenako n'kufomata khadilo chifukwa Loweruka likubweralo kuli chinkhoswe kwina. Pakati pa kukopera ndi kufomata pali kanthawi kochepa pamene zithunzizo zili m'malo awiri, ndipo ndi pa kanthawi komweko pokha pamene cholakwika chilichonse chingakonzedwe popanda kutaya kanthu. Khadi likangofomatidwa n'kujambuliridwapo zina, zimene zili pa disiki ndi zomwezo basi, kaya n'zabwino kaya n'zowonongeka.

Ambiri amatsimikiza motere: kabokosi kosonyeza kuti kukopera kukuchitika katha bwinobwino, atsegula foda yatsopanoyo, aona tizithunzi ting'onoting'ono titandandalika, mtima pansi. Osamala kwambiri amadina Properties pa mafoda onse awiri kuti aone ngati chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake zikufanana. Zimenezi si zachabe, zimagwira fayilo imene yatsala m'njira kapena imene yadukira pakati. Koma zili ngati kulandira matumba a chimanga powerenga ndi kuika pa sikelo: matumba akwana, kulemera kwakwana, koma palibe amene wamasula thumba kuona ngati muli chimanga kapena mchenga. Fayilo ikhoza kukhala ndi dzina lolondola, tsiku lolondola ndi kukula kolondola, m'kati mwake muli zinyalala.

Tizithunzi ting'onoting'onoto ndiye timanamiza kwambiri. Kamera ikamasunga chithunzi cha JPEG, imaikanso kachithunzi kakang'ono kachiwiri chakumayambiriro kwa fayilo yomweyo, ndipo mapulogalamu ambiri amaonetsa kameneka pofuna kufulumira. Windows nayo imasunga tizithunzi takezake pamalo ena. Choncho kachithunzi kakhoza kuoneka bwino pamene chithunzi chenicheni, mukachitsegula, theka lake lakumunsi ndi lotuwa, kapena chili ndi mizere yamitundu yachilendo yodutsa pankhope ya mkwatibwi. JPEG ndi fayilo yopanikizidwa, ndipo chigawo chilichonse chimadalira zimene zabwera patsogolo pake, n'chifukwa chake kusokonekera kwa malo amodzi kumatha kuwononga zonse kuchokera pamenepo mpaka pansi. Kutsegula zithunzi chikwi chimodzi ndi chimodzi n'kumaziyang'anitsitsa, palibe amene angathe.

Pali njira yoti kompyuta iwerenge fayilo iliyonse kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, mbali zonse ziwiri, n'kukuuzani ngati zikufanana. Imagwiritsa ntchito nambala yotsimikizira imene amaitcha chekisamu.

Nambala imodzi yoimira fayilo yonse

Kwa kompyuta, chithunzi ndi mndandanda wautali wa manambala, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Nambala imodzi yotere ndi bayiti, ndipo chithunzi cha 10 MB chili ndi mabayiti pafupifupi 10 miliyoni. Tiyerekeze fayilo ya mabayiti anayi okha: 12, 200, 37 ndi 5. Mukawaphatikiza mupeza 254. Mukopere fayiloyo kwina, muphatikizenso. Mukapeza 253, mwadziwa kuti china chake chasintha m'njira, ngakhale simukudziwa kuti ndi nambala iti. Maganizo ake ndi omwewa.

Kuphatikiza kokha kuli ndi mipata. Manambala awiri akasinthana malo, yankho limakhalabe 254. Ina ikakwera ndi 1 ina n'kutsika ndi 1, yankho silisintha. N'chifukwa chake akatswiri a masamu anapanga njira zimene zimasakaniza mabayiti mobwerezabwereza, kotero kuti bayiti iliyonse ndi malo ake zimakhudza yankho lonse. Ziwiri zimene mungakumane nazo kwambiri ndi MD5 ndi SHA-256. Yoyambayo anaipanga ndi Ronald Rivest wa pa yunivesite ya MIT ku America mu 1991, ndipo yankho lake limalembedwa ndi zilembo ndi manambala 32. Yachiwiriyo inatulutsidwa ndi bungwe loona za miyezo la boma la America la NIST mu 2001, ndipo yankho lake ndi lotalika kawiri, zilembo ndi manambala 64. Fayilo ikhale yaing'ono kapena kanema wa maola awiri, kutalika kwa yankho n'komweko.

Kuti muone mmene kusakanizaku kumagwirira, tengani chilembo chimodzi chaching'ono, b, ndi chinzake c. M'kati mwa kompyuta zilembo ziwirizi ndi 98 ndi 99, zimasiyana pa kadontho kamodzi kokha mwa timadontho 8 timene timapanga bayiti. Machekisamu awo a MD5 ndi awa:

```
b   92eb5ffee6ae2fec3ad71c777531578f
c   4a8a08f09d37b73795649038408b5f33
```

Sakufanana m'pang'ono pomwe. N'chimodzimodzi ndi chithunzi: bayiti imodzi ikasintha pakati pa mamiliyoni, chekisamu yonse imasanduka ina. Ndipo palibe "zafanana pang'ono". Zafanana kapena sizinafanane.

Wina angafunse ngati mafayilo awiri osiyana sangatulutse nambala imodzi mwangozi. Mwamasamu n'zotheka, koma mayankho amene SHA-256 ingatulutse ndi ochuluka mwakuti chiwerengero chake chimalembedwa ndi manambala 78 ondondozana, choncho ngozi yotereyi siyoti munthu aziiganizira. Mwina munamvapo kuti MD5 inathyoledwa. N'zoona: mu 2004 gulu la akatswiri a ku China lotsogoleredwa ndi Wang Xiaoyun linasonyeza kuti munthu akhoza kupanga dala mafayilo awiri osiyana okhala ndi MD5 yofanana. Zimenezi n'zoopsa pamene pali mdani wofuna kukupusitsani. Chingwe chotha kapena fulashi yodwala sizichita dala, choncho pa ntchito yathuyi MD5 ikadali yokwanira. Komabe ine ndimati tengani SHA-256, chifukwa ili kale m'kompyuta yanu, ndipo nthawi yambiri imene mudikire ndi yowerenga disiki, osati yochita masamuwo.

Chinthu chimodzi choyenera kugwira bwino: chekisamu imawerenga za m'kati mwa fayilo zokha. Mukasintha dzina la fayilo kapena kuisamutsira ku foda ina, nambalayo sisintha.

Kodi zimawonongekadi?

Kawirikawiri kukopera kumayenda bwino, ndipo sindikufuna kuopseza munthu. Koma ngakhale kumene kuli zipangizo zodula, zolakwika zachinunu zimachitika. Mu 2007 akatswiri a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ali pafupi ndi mzinda wa Geneva, anayerekeza machekisamu a mafayilo 33,700 amene anali pa madisiki awo, n'kupeza kuti 22 sanagwirizane ndi nambala zimene zinalembedwa poyamba. Ndiye kuti pafupifupi fayilo imodzi pa 1,500 aliwonse, popanda makina kudandaula chilichonse. Mafayilo awo anali aakulu kwambiri kuposa zithunzi, choncho musatenge chiwerengerochi n'kuchiika pa foda yanu. Chofunika n'chakuti cholakwikacho sichinadzilengeze. Anachipeza chifukwa anachifunafuna.

Kwa ife tonse amene tilibe zipangizo ngati zimenezo, zoyambitsa zake n'zodziwika. Fulashi imazulidwa kompyuta isanamalize kulemba, chifukwa kabokosi kaja kakhoza kutha pamene zina zikadali m'njira. Magetsi amazima pakati pa ntchito. Chingwe chimakhala cholobodoka, kapena kachipangizo kowerengera khadi n'kotchipa. Nthawi zina vuto limakhala mu memole ya kompyuta yeniyeniyo, imene fayilo iliyonse imadutsamo popita kwina. Ndiyeno pali fulashi ndi makhadi achinyengo, amene ndiwafotokoza pansipa chifukwa ndi amene amapweteka anthu kwambiri.

Mapulogalamu okopera ambiri sawerenganso zimene alemba. Kukopera wamba kwa pa Windows sikubwerera kukayerekeza. Ngakhale `robocopy` ndi `rsync`, zimene akatswiri amazikonda, zikamaona ngati fayilo ili kale mbali inayo zimangoyang'ana kukula ndi nthawi, pokhapokha `rsync` mutaiuza kuti igwiritse `--checksum`.

Ntchito yonse, kuyambira pa khadi

Tiyerekeze kuti wojambula wabwera ndi khadi la 32 GB, ndipo mu foda ya `DCIM`, momwe makamera amasungamo zithunzi, muli mafayilo 1,240 okwana 18 GB. Kompyuta yake ndi ya Windows. Khadi likuoneka ngati `E:` ndipo disiki yosungirapo ikuoneka ngati `F:`.

Asanalowetse khadi, akankhire pansi kakiyi kakang'ono kali m'mbali mwake kolembedwa Lock, kuti pasakhale pulogalamu imene ingalembepo kanthu. Pokopera asankhe Copy, osati Cut, chifukwa Cut imafufuta gwero ikangomaliza, ndiye sipakhalanso choyerekezera. Asatsegule zithunzi n'kuyamba kuzitembenuza kapena kuziika nyenyezi. Zimenezo zidikire.

Kukopera kukatha, achotse disiki ya `F:` mwadongosolo podina Eject, aizule, adikire pang'ono, aibwezeretse. Gawo ili anthu ambiri amalidumpha, koma lili ndi chifukwa. Kompyuta imasunga mu memole yake zimene yangolemba kumene, ndipo mukaifunsa fayilo yomweyo ikhoza kukupatsani ya mu memole m'malo mopita kukawerenga pa disiki. Zikatero mwayerekeza khadi ndi memole, disikiyo simunaiyese. Kuzula ndi kubwezeretsa kumaikakamiza kuwerenga zimene zinalembedwadi.

Tsopano atsegule PowerShell, imene imabwera kale ndi Windows 10 ndi 11, alembe mizere iwiri iyi:

```
$gwero = Get-ChildItem E:\DCIM -Recurse -File | Get-FileHash
$kopi = Get-ChildItem F:\Ukwati\DCIM -Recurse -File | Get-FileHash
```

Mzere woyamba ukuti: tenga fayilo iliyonse ya mu `E:\DCIM` ndi m'mafoda onse a m'kati mwake, uwerengere chekisamu yake, usunge mndandandawo pa dzina lakuti `$gwero`. Wachiwiri ukuchita zomwezo ku disiki. `Get-FileHash` imagwiritsa SHA-256 mukapanda kuiuza zina. Pa sikirini sipaoneka zambiri pamene ikugwira ntchito, choncho musaganize kuti yaima. Ngati khadi ndi disiki zili pa USB 2.0, imene imayenda pafupifupi 30 MB pa sekondi, 18 GB itenga mphindi pafupifupi 10 mbali iliyonse. Pa USB 3.0 ndi khadi lothamanga zimachepa kwambiri.

Zikatha, aone kaye chiwerengero polemba `$gwero.Count` kenako `$kopi.Count`. Zonse ziyenera kunena 1240. Kenako kuyerekeza kwenikweni:

```
Compare-Object $gwero $kopi -Property Hash -PassThru |
  Select-Object SideIndicator, Path
```

Ngati zonse zili bwino, lamuloli silitulutsa kanthu. Limangobwerera pa mzere watsopano. Kukhala chete kumeneku kumasokoneza oyamba kumene, ndipo n'koyenera kukukayikira kamodzi, chifukwa munthu amene walemba foda imodzi m'mizere yonse iwiri adzaonanso chete yemweyo. Pa ulendo woyamba yesani dala: chotsani chithunzi chimodzi ku disiki mukachiike pambali, mubwereze mzere wa `$kopi` ndi kuyerekezako, muone ngati chagwidwa. Chikagwidwa, mwadziwa kuti njirayo ikugwira, ndiye mubwezeretse chithunzicho.

Tiyerekeze kuti wojambula wathu sanapeze chete. `$kopi.Count` yanena 1239, ndipo kuyerekeza kwatulutsa izi:

```
<=  E:\DCIM\100CANON\IMG_0412.JPG
<=  E:\DCIM\100CANON\IMG_0873.JPG
<=  E:\DCIM\100CANON\IMG_0874.JPG
=>  F:\Ukwati\DCIM\100CANON\IMG_0412.JPG
=>  F:\Ukwati\DCIM\100CANON\IMG_0873.JPG
```

Muvi woloza kumanzere, `<=`, ukutanthauza chekisamu imene ili pa khadi koma ku disiki kulibe. Woloza kumanja, `=>`, ndi imene ili ku disiki yokha. Dzina likaoneka mbali zonse ziwiri, monga 0412 ndi 0873, ndiye kuti fayilo ilipo konsekonse koma za m'kati n'zosiyana. Likaoneka kumanzere kokha, monga 0874, fayiloyo sinafike n'komwe, ndipo n'chifukwa chake chiwerengero chaperewera ndi imodzi.

Ayambe ndi 0873. Alembe `Get-FileHash` kutsogolo kwa dzina lonse la fayilo ya ku disiki. Yankho likayamba ndi `E3B0C442` n'kutha ndi `7852B855`, fayiloyo ilibe kanthu m'kati, kukula kwake ndi 0. Imeneyi ndi chekisamu ya SHA-256 ya fayilo yopanda bayiti ngakhale imodzi, ndipo n'kwabwino kuiloweza chiyambi chake. Fayilo yopanda kanthu yotsatana ndi ina yosowa zimaloza ku kukopera kumene kunadukira pamenepo, mwina chingwe chinagwedezeka. Mankhwala ake n'kukoperanso ziwirizo.

Ya 0412 ndi yofunika kuiganizira bwino, chifukwa kukula kwake n'kofanana mbali zonse. Iyi ndiyo fayilo imene Properties sikanaigwira. Kuyerekeza kwangonena kuti ziwirizi n'zosiyana, sikunanene kuti yolakwa ndi iti, ndipo n'kulakwitsa kuthamangira kuimba mlandu disiki. Azule khadi, alibwezeretse, awerengerenso chekisamu ya 0412 ya pa khadi. Ikatuluka yofanana ndi ya poyamba, khadi likuwerengeka mokhazikika, vuto linachitika m'njira kapena ku disiki. Akoperenso fayiloyo, azule disiki, abwezeretse, ayerekezenso. Zikagwirizana, nkhani yatha, kunali kuphonya kwa kamodzi. Zikakanikanso, disikiyo kapena chingwe chake n'zokayikitsa, ayese chingwe china ndi bowo lina la USB, ndipo zikapitirira asaikhulupirirenso disikiyo.

Koma ngati fayilo yomweyo ya pa khadi ikupereka chekisamu yosiyana nthawi iliyonse imene yawerengedwa, vuto lili ku gwero: khadi likufa, kachipangizo kowerengera n'kowonongeka, kapena memole ya kompyuta ili ndi vuto. Apa asalembe chilichonse pa khadi. Apite nalo pa kompyuta ina ndi kowerengera kena, akopere kumeneko, awerengere kawiri. Mafayilo osiyanasiyana akamalephera pa ulendo uliwonse, lero awa mawa ena, ngakhale mutasintha khadi ndi disiki, kompyutayo ndiyo iyenera kuyezedwa memole.

Akakonza zonse, abwereze mzere wa `$kopi` ndi kuyerekeza kwa foda yonse, osati mafayilo atatu okhawo. Chete wa ulendo umenewu, ndi 1240 mbali zonse, ndiye chilolezo chofomata. Ine ndingawonjezere kuti chilolezocho chikwane pamene zithunzi zili pa zipangizo ziwiri zosiyana, chilichonse chitayesedwa ndi khadi, chifukwa disiki imodzi yoyesedwa bwino ikhoza kugwa pansi mawa lake.

Njira ya PowerShell imeneyi ili ndi malire amodzi oyenera kuwadziwa. Imayerekeza machekisamu okha, osati mayina. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale mutasintha mayina a zithunzi ku disiki kapena kuzigawa m'mafoda ena, imazizindikirabe. Kuipa kwake n'kwakuti singakuuzeni ngati chithunzi chili pa dzina lolakwika.

Pa Linux ntchito yomweyi imachitika polemba mndandanda m'fayilo, kenako n'kuuyesa mbali inayo:

```
cd /media/khadi/DCIM
find . -type f -exec sha256sum {} + > ~/ukwati.sha256
cd /media/disiki/Ukwati/DCIM
sha256sum -c --quiet ~/ukwati.sha256
```

Fayilo yosiyana imalembedwa `FAILED`, yosowa imalembedwa `FAILED open or read`. Njira iyi imayang'ana dzina ndi chekisamu pamodzi, koma siona mafayilo owonjezera amene ali ku disiki okha. Pa Mac lamulo lake ndi `shasum -a 256`. Amene safuna kulemba malamulo angagwiritse FreeFileSync, imene ndi yaulere, koma asankhe kuyerekeza kwa File content, chifukwa ikangoikidwa imayerekeza nthawi ndi kukula basi. TeraCopy nayo ili ndi Verify, imene imawerengera machekisamu ikamaliza kukopera.

Fulashi imene imanama kukula kwake

Zotsatira zina zimaoneka mosiyana kwambiri ndi mizere isanu ija. Mumayerekeza, ndiye sikirini imadzaza: mafayilo mazana angapo, otsatizana, onse alephera. Oyambirira 1,000 ali bwino, kuchokera pamenepo mpaka kumapeto palibe chabwino. Kaonekedwe kameneka kamaloza ku fulashi kapena khadi lachinyengo.

M'kati mwa fulashi muli tizipangizo tiwiri, kosungira ndi kolamulira. Kolamulirako ndi kamene kamauza kompyuta kukula kwa fulashi, ndipo achinyengo amakasintha kuti kazinena 64 GB pamene kosungira kali ndi 16 GB yokha. Kompyuta imakhulupirira zimene yauzidwa. Mukakopera 18 GB, zoyambirira zimalowa bwino. Malo enieni akatha, fulashi imalandirabe, koma zotsalazo imangozitaya, kapena imabwerera koyambirira n'kumalemba pamwamba pa zimene zinalipo kale. Mndandanda wa mayina ndi kukula kwa mafayilo nthawi zambiri umatsala bwinobwino, n'chifukwa chake Properties imanena mafayilo 1,240 ndi 18 GB mosakayika. Munthu akhoza kuigwiritsa ntchito miyezi yambiri osadziwa, malinga ngati sanadutse malire enieniwo, n'kudzagwa m'mavuto tsiku limene waikamo ntchito yaikulu.

Apa ndi pamene kuzula ndi kubwezeretsa kumaonetsa phindu lake, popeza fulashi yotere ikhoza kupambana mayeso ngati kompyuta ikuwerenga za mu memole yake. Ndipo kukoperanso sikuthandiza. Fulashi kapena khadi latsopano liyesedwe lisanapatsidwe ntchito: H2testw pa Windows, kapena `f3write` ndi `f3read` pa Linux ndi Mac, zimadzaza malo onse opanda kanthu n'kuwerenganso, kenako zimanena kuchuluka kwa malo amene agwiradi. Zimatenga nthawi yaitali pa fulashi yaikulu, koma ndi ntchito ya kamodzi. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa poyerekeza ndi kukula kolembedwa pa chikutiro, yesani musanachoke nayo patali.

Kusiyana kumene si kuwonongeka

Si kusagwirizana kulikonse kumene kuli tsoka. Popeza bayiti imodzi ndi yokwanira kusintha chekisamu, chithunzi chimene mwachitembenuza, kuchilemba dzina la munthu m'kati, kapena kuchipatsa nyenyezi pa Windows, chimakhala fayilo ina, ngakhale maso akuona chomwecho. N'chifukwa chake kuyerekeza kuchitike musanakhudze kanthu. Palinso timafayilo tobisika timene makompyuta amadzipangira okha, monga `Thumbs.db` ndi `desktop.ini` pa Windows, kapena `.DS_Store` ndi tina toyamba ndi `._` pa Mac. Lamulo la PowerShell lija limadumpha mafayilo obisika, koma `find` imawatenga onse. Mukationa pa mndandanda wa zolephera, musade nkhawa, si zithunzi.

Zithunzi zodutsa pa WhatsApp monga zithunzi wamba zimapanikizidwanso kuti zichepe, choncho sizingagwirizane ndi zoyambirira. Kumeneko si kusunga, ndi kupanga chithunzi china chotsika. Pa iPhone, ngati gawo la Transfer to Mac or PC lili pa Automatic, foni ikhoza kusandutsa zithunzi za HEIC kukhala JPEG pamene zikukoperedwa. Kuti zifike mmene zilili, pasankhidwe Keep Originals. Mafoni ambiri akalumikizidwa ndi chingwe sapatsidwa chilembo ngati `E:`, ndiye malamulo a pamwambawa safika m'kati mwake. Ngati zithunzi zili pa kakhadi ka m'foni, katulutseni mukawerenge mwachindunji. Apo ayi, koperani kawiri m'mafoda awiri osiyana, mukuzula chingwe pakati, n'kuyerekeza mafodawo. Si umboni wathunthu, koma kuphonya kwangozi sikubwereza malo amodzimodzi.

Vuto lina limabwera ndi makanema. Fulashi yofomatidwa mwa FAT32 singalandire fayilo imodzi yofika 4 GB, ngakhale malo atakhalapo ambiri. Kompyuta imachenjeza, koma munthu wotopa amadina Skip osawerenga, kanema wa malumbiro n'kutsala. Chiwerengero cha mafayilo chimagwira zimenezi, ndipo yankho lake ndi fulashi yofomatidwa mwa exFAT kapena NTFS.

Mbali inayo, kugwirizana kwa machekisamu kumangonena kuti kopi ndi yofanana ndi gwero. Ngati kamera inalemba chithunzi chowonongeka pa khadi, kopi yake idzakhala yowonongeka mofanana, ndipo kuyerekeza kudzakhala chete. Choncho kutsegula zithunzi zingapo mokwanira, zoyambirira, zapakati ndi zomalizira, kukadali kofunika. Chekisamu siikonzanso fayilo. Imangoloza imene yasintha, ndipo kukonza kumafuna kopi ina yabwino.

Mndandandawo musautaye

Phindu lalikulu la ntchitoyi limabwera pambuyo pake, khadi litafomatidwa kalekale. Machekisamu amene munawerengera pa khadi ndi umboni wa mmene zithunzi zinalili tsiku loyamba, ndipo amasungika m'fayilo yaing'ono kwambiri:

```
$gwero | Export-Csv F:\Ukwati\machekisamu.csv -NoTypeInformation
```

Fayilo imeneyi ikhale kunja kwa foda ya `DCIM` kuti isadziwerengere yokha, ndipo ikoperedwe pa chipangizo chilichonse chimene pali zithunzizo. Pakatha chaka, kapena pamene mukusamutsira zithunzi ku disiki yatsopano, muibweze polemba `$gwero = Import-Csv F:\Ukwati\machekisamu.csv`, muwerengerenso `$kopi`, muyerekeze monga kale. Pa Linux ndi Mac fayilo ya `ukwati.sha256` ija imagwira ntchito yomweyi.

Popanda mndandandawu, munthu amene ali ndi madisiki awiri akapeza kuti IMG_0412 ndi yosiyana pa awiriwo, amangoganizira kuti yabwino ndi iti, ndipo pulogalamu yofananitsa mafoda ikhoza kutenga yowonongekayo n'kuilemba pamwamba pa yabwino. Ndi mndandanda, mumawerengera chekisamu ya iliyonse n'kuona imene ikugwirizana ndi ya tsiku loyamba. Imeneyo ndiyo mukopere pamwamba pa inzake, kenako muyese disiki imene inawononga fayiloyo musanaikeponso zina. Kuti zimenezi zitheke, foda ya zithunzi zoyambirira isamakhudzidwe. Kukonza mitundu, kudula ndi kutembenuza kuzichitikira pa makopi a mu foda ina.